Mtima ukamagunda ka 42 pa mphindi: ndi mphamvu kapena ndi matenda?

Makina oyezera bipi amene afala m'zipatala ndi m'mafamase amaonetsa manambala atatu. Awiri apamwamba ndi a kuthamanga kwa magazi, ndipo ndi amene aliyense amathamangira kuyang'ana. Yachitatu, ya m'munsi, ambiri saiwerengera. Imeneyo imanena kuti mtima ukugunda kangati pa mphindi imodzi. Kwa munthu wamkulu amene wakhala phee, nambalayi imayembekezeka kukhala pakati pa 60 ndi 100. Ikatsika pansi pa 60, achipatala amati mtima ukugunda pang'onopang'ono, ndipo m'mabuku awo amatchula kuti buradikadiya.

Tsono tiyerekeze kuti anthu awiri ayezedwa tsiku limodzi, ndipo onse makina awaonetsa 42. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 26 amene amathamanga m'mamawa uliwonse, akukonzekera mpikisano wa chaka ndi chaka wokwera ndi kutsika phiri la Mulanje. Wachiwiri ndi bambo wa zaka 68, mphunzitsi wopuma pantchito, amene kwa miyezi ingapo akhala akudandaula kuti miyendo ikulemera. Mnyamatayo angathe kubwerera kwawo osapatsidwa ngakhale panado. Bambowo sayenera kuchoka pachipatalapo asanajambulidwe mtima. Nambala ndi imodzi, koma zimene zikuchitika m'chifuwa mwa anthu awiriwa n'zosiyana kutalitali.

Kuti timvetse, tiyambe ndi ntchito imene mtima umagwira. Thupi la munthu wamkulu likamapuma limafuna magazi okwana pafupifupi malita 5 pa mphindi iliyonse. Thupi silisamala kuti mtima wagunda kangati, limangofuna kuti malitawo akwane. Mtima wa munthu wamba ukagunda kamodzi umatulutsa mamililita pafupifupi 70. Kuti afike malita 5, uyenera kugunda ka 72 kapena kuyandikira pamenepo. Koma mtima wa munthu amene wathamanga mitunda yaitali kwa zaka zambiri umasintha. Chipinda chake chakumanzere, chimene chimapopera magazi m'thupi lonse, chimakula n'kumalandira magazi ambiri, makoma ake amalimba, ndiponso magazi enieniwo amachuluka m'thupi. Mtima wotere ungathe kutulutsa mamililita 120 pa kugunda kumodzi. Chulukitsani 120 ndi 42, mupeza 5,040, chimodzimodzi ndi 70 kuchulukitsa ndi 72. Zili ngati amayi awiri otunga madzi odzaza diramu limodzi: wa ndowa yaikulu amapita kumjigo maulendo ochepa, koma diramulo limadzaza ndithu.

Kukula kwa mtima si chifukwa chokhacho. M'chipinda chapamwamba chakumanja muli kagulu ka maselo, kotchedwa sainasi, kamene kamayambitsa kamphamvu ka magetsi kogunditsa mtima. Kamphamvuko kamafalikira m'zipinda ziwiri zapamwamba, kenako kamadutsa pamphambano imodzi yokha yopita ku zipinda zapansi, kumene kuli mphamvu yeniyeni yopopa. Palinso mtsempha wochokera ku ubongo, wotchedwa vegasi, umene umauza sainasi kuti ichepetse liwiro munthu akamapuma. Mwa ochita masewera a mtunda wautali mtsempha umenewu umakhala ndi mphamvu kwambiri, ndipo kafukufuku waonetsanso kuti maselo a sainasi nawonso amasintha n'kuzolowera kugwira ntchito modekha. N'chifukwa chake othamanga ambiri akadzuka m'mamawa amapeza mtima wawo uli m'ma 40 kapena m'ma 50, ndipo ali m'tulo umatsika kufika m'ma 30. Katswiri wa mpikisano wa njinga wa ku Spain, Miguel Indurain, amene anapambana mpikisano wa Tour de France zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1991 mpaka 1995, ankanenedwa kuti mtima wake unkagunda ka 28 pa mphindi akamapuma. Nambala yotero ndi yosowa ngakhale pakati pa akatswiri anzake, ndipo munthu asaitenge ngati muyezo wodziyezera.

Dziwani kuti sikuti munthu achite kukhala ndi yunifomu kapena mendulo kuti mtima wake ukhale wotere. Wakabaza wopalasa njinga tsiku lonse atanyamula anthu, kapena wonyamula katundu wa alendo kukwera naye phiri, mtima wake umaphunzira zomwezo. Koma kumenya mpira Loweruka lokhalokha, kapena kunyamula zitsulo kawiri pa mlungu, sikutsitsa mtima kufika pa 42. Munthu amene sachita zolimbitsa thupi kwa maola angapo mlungu uliwonse asadzinamize kuti ali ndi mtima wa katswiri.

Tsopano tibwerere kwa bambo aja. Mtima wawo sunakule ndi masewera. Ngakhale utayesetsa kudzaza bwino pakati pa kugunda ndi kugunda, mwina ungatulutse mamililita 80. Pa 42, amenewo ndi malita 3 ndi pang'ono chabe. Atakhala pampando angathe kupirira nawo. Vuto limaonekera akaimirira ndi kuyamba kuyenda, pamene thupi likufuna malita owirikiza kawiri kapena kuposa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ine ndimaona kuti ndi chinthu chimodzi chimene munthu aliyense ayenera kugwiritsitsa: funso lofunika si lakuti mtima ukugunda mochedwa bwanji munthu atakhala pansi, koma ngati ukutha kufulumira ukafunika kutero.

Dokotala wodziwa ntchito yake amayesa zimenezi mosavuta. Amauza mnyamata uja kuti, "Achimwene, tadumphadumphani pomwepo kwa mphindi imodzi." Akamugwiranso pamkono, mtima wachoka pa 42 wafika pa 100 kapena kuposa. Mnyamata yemweyu akamakwera chitunda mwamphamvu zake zonse, mtima wake umafika m'ma 180 kapena 190, ndipo pamenepo ukupopa malita oposa 25 pa mphindi. Akaima, umatsika msanga, n'kubwerera mwakale. Mtima wake umachedwa chifukwa palibe chouthamangitsa. Bambo aja akayenda pang'ono m'khonde la chipatala, amabwera akupuma mwawefuwefu, m'maso mukuchita mdima, koma mtima uli pa 44 kapena 45. Wayesa kufulumira koma walephera.

Kulephera kumeneku kumachokera m'malo awiri. Nthawi zina sainasi imakalamba, maselo ake n'kulowedwa m'malo ndi zipsera, moti imayambitsa kugunda mochedwa kapena imaima kwa masekondi angapo. Nthawi zina sainasi imakhala bwinobwino, koma njira yopita ku zipinda zapansi ndi imene yawonongeka. Ikatsekekeratu, zipinda zapamwamba zimagunda pazokha, mwina ka 80, pamene zapansi zimadziyambitsira kugunda kwawokwawo kochedwa, kawirikawiri pakati pa 30 ndi 45, nthawi zina kutsika kuposa apo. Kugunda kodzipulumutsa kumeneku n'kosadalirika. Sikumvera thupi likamapempha magazi ambiri, ndipo kungathe kuima mwadzidzidzi.

Kukaima, munthu amagwa. Kagwedwe kake kali ndi maonekedwe ake: palibe chenjezo, munthu amangoti khu pansi ali pakati polankhula kapena akudya, nkhope imatuwa, ndipo pakapita masekondi angapo amatsitsimuka ali ndi nzeru zake zonse, akudabwa kuti wapezeka bwanji pansi. Ubongo ukasowa magazi kwa kanthawi, manja ndi miyendo zimatha kugwedezeka, ndipo pachifukwachi achibale amafulumira kunena kuti ndi khunyu, ena n'kuyamba kuloza anthu chala. Zimandiwawa kuganiza za okalamba amene amamwa mankhwala a khunyu kapena kuzungulira kwa asing'anga pamene vuto lawo likanaoneka mwa kungowagwira pamkono kwa mphindi imodzi. Munthu wachikulire akagwa mwa njira imeneyi, wina awerenge kugunda kwa mtima wake pomwepo, ndipo nambalayo akaiuze achipatala.

Chimene chimathetsa mkangano ndi chithunzi cha magetsi a mtima, chimene kuchipatala amati isiji. Amamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, ndipo makina amalemba mizere papepala. Sizipweteka, ndipo sizitenga nthawi. Pamzerewo kugunda kulikonse kumayamba ndi kachitunda kakang'ono kosonyeza kuti zipinda zapamwamba zagunda, kenako kamzere kosongoka kosonyeza kuti zapansi zatsatira. Papepala la mnyamata uja, kachitunda kalikonse kali ndi kamzere kake kosongoka pambuyo pake, kungoti mipata pakati pa kugunda ndi yotalikirana. Papepala la bambo aja, tizitunda tikuyenda patokha, timizere tosongoka natonso patokha, popanda kudikirana. Pamenepo dokotala amadziwa kuti njira yatsekeka yonse.

Pali zina zimene zimaoneka pa isiji ya othamanga zimene zingaopse munthu wosazizolowera. Uthenga wa magetsi umatha kuchedwerapo pamphambano paja. Nthawi zina, makamaka usiku, kuchedwako kumawonjezeka pang'onopang'ono pa kugunda kulikonse mpaka kugunda kumodzi kudumphidwa, kenako zonse n'kuyambiranso. Kachitidwe kameneka kanafotokozedwa ndi dokotala wa ku Netherlands, Karel Wenckebach, mu 1899, ndipo kamadziwika ndi dzina lake. Mwa wothamanga amene sakumva vuto lililonse, kameneka si matenda, ndipo kamatha akangoyamba kuyenda. Mu 2017 akatswiri a mtima ndi a zamasewera a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana malire owerengera isiji ya ochita masewera. Anati kugunda kochedwa koyambira ku sainasi n'kwabwinobwino ngati sikutsika pansi pa 30 pa mphindi. Koma kukatsika pansi pa 30, kapena mtima ukaima kwa masekondi 3 kapena kuposa, kapena kugunda kukamadumphidwa mwadzidzidzi popanda kuchedwa kowonjezeka kuja, kapena njira ikatsekeka yonse, munthuyo afufuzidwe, ngakhale atakhala katswiri wotani. Kufufuzako kumakhala kumuyendetsa pamakina akumujambula, kumuveka kachipangizo kolemba kugunda kwa mtima usana ndi usiku, ndi kuunika mtima kuti aone kukula kwake ndi mmene ukupopera.

Asanafike poganiza kuti njira za magetsi zawonongeka, dokotala amafunsa kaye kuti, "Bambo, mukumwa mankhwala anji?" Funsoli ndi lofunika kwambiri kwathu kuno, kumene anthu ambiri achikulire ali pa mankhwala a bipi. Atenololo ndi puropuranololo amatsitsa kugunda kwa mtima, ndipo ndiyo mbali ya ntchito yawo. Digokisini, amene amaperekedwa kwa ena odwala mtima, amachitanso chimodzimodzi, ndipo impso zikafooka amaunjikana m'thupi n'kufika poopsa. Ngakhale mankhwala odonthezera m'maso otchedwa timololo, a matenda a gulukoma, amalowa m'magazi n'kuchedwetsa mtima, koma odwala ambiri sawatchula chifukwa sawaona ngati mankhwala akumwa. Choncho popita kuchipatala nyamulani mapaketi ndi timabotolo tonse, pamodzi ndi buku lanu lachipatala. Koma musasiye nokha mankhwala ngati atenololo mwadzidzidzi, chifukwa mtima umatha kuyamba kuthamanga moopsa ndipo bipi imakwera. Kuchepetsa kapena kusintha ndi ntchito ya dokotala.

Zina zochedwetsa mtima zimapezeka poyeza magazi. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka, munthu amamva kuzizira, amanenepa, khungu limauma, ndipo mtima umatsika. Potaziyamu akachuluka m'magazi, monga zimachitikira impso zikalephera, amasokoneza magetsi a mtima, ndipo zimenezi n'zadzidzidzi. Mtsempha wodyetsa mbali ya pansi ya mtima ukatsekeka, kugunda kumatsika limodzi ndi kupweteka kwa pachifuwa, thukuta lozizira ndi nseru. Ndipo mankhwala ophera tizilombo m'munda, komanso tameki, munthu akawamwa kapena akamulowa m'thupi, mtima umachedwa, dovu limachucha, timwana ta m'maso timachepa kwambiri, ndipo amafunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ambiri mwa mavutowa akachotsedwa, mtima umabwerera mwakale popanda kuuika kalikonse.

Ngati palibe chimodzi mwa zimenezi, ndipo njira yatsekekadi chifukwa cha ukalamba, mapiritsi sathandiza. Jakisoni wa atiropini amagwiritsidwa ntchito pangozi kuti mtima ufulumire kwa kanthawi, koma sakonza njira yowonongeka, ndipo kutsekeka kukakhala m'munsi kwambiri nthawi zambiri sagwira n'komwe. Chithandizo chokhalitsa ndi pesimeka, kachipangizo ka batire kamene madokotala a mtima amakaika pansi pa khungu, m'munsi mwa fupa lopingasa la paphewa, n'kulowetsa timawaya kudzera mu mtsempha mpaka mumtima. Kamayang'anira kugunda, ndipo mtima ukachedwa kamatumiza kamphamvu kougunditsa. Batire yake imakhala zaka pafupifupi 10. Munthu woyamba kuikidwa pesimeka m'thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, mu 1958, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2001, atasinthidwa zipangizozo kambirimbiri. Bambo aja akaikidwa kachipangizoka, kulemera kwa miyendo kumene ankati ndi ukalamba nthawi zambiri kumachepa m'masiku ochepa.

Komabe ndisasiye chithunzi chakuti wachinyamata wothamanga ndi wotetezeka nthawi zonse. Ngozi yake ndi yakuti ali ndi chifukwa chokonzeka kale chonyalanyazira zizindikiro. Akamva chizungulire amati sanadye bwino, akakomoka amati ndi dzuwa, ndipo anzake amamuuza kuti mtima wochedwa ndi chizindikiro cha mphamvu. Kusiyana kumene ayenera kukudziwa ndi uku. Kukomoka munthu atangomaliza mpikisano n'kuima chilili n'kofala, chifukwa magazi amatsalira m'miyendo pamene minofu yasiya kuwakankha, ndipo akagonekedwa miyendo m'mwamba amatsitsimuka. Koma kugwa ali mkati mothamanga ndi nkhani ina. Munthu wotero asabwerere pamsewu asanaonedwe ndi dokotala, makamaka ngati kubanja kwawo kunamwalirapo wachinyamata mwadzidzidzi. N'chimodzimodzi ndi wothamanga amene atadwala chimfine kapena kutentha thupi wayamba kumva kupweteka pachifuwa, kubanika pa liwiro limene kale ankaliona lopepuka, ndipo mtima sukukwera ngati kale. Tizilombo tina timatupitsa minofu ya mtima n'kukhudza njira za magetsi, ndipo kuthamanga m'nyengo imeneyo n'koopsa.

Palinso mtima wochedwa chifukwa cha njala. Wothamanga amene akudzimana chakudya kuti apepuke, kapena amene zakudya zake sizikukwana pa mitunda imene akuthamanga, thupi lake limayamba kusunga mphamvu mwa kuchepetsa ntchito zonse, ndipo mtima umatsika. Iye angasangalale poona nambala ikutsika mlungu ndi mlungu, koma zizindikiro zina zimaulula: akuonda, akumva kuzizira, nthawi zake pampikisano zikuipa, akuvulala pafupipafupi, ndipo ngati ndi mtsikana wasiya kusamba. Aphunzitsi a masewera amene amasunga atsikana ndi anyamata m'magulu awo ayenera kuyang'ana zimenezi, chifukwa mtima wa mphamvu umabwera limodzi ndi kuthamanga bwino, osati ndi kufooka.

Kuwerenga kugunda kwa mtima sikufuna makina. Ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo werengani kwa mphindi yathunthu. Mtima ukakhala wochedwa kapena wodumphadumpha, kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kumasokeretsa. Nthawi yabwino ndi m'mamawa musanadzuke pakama, musanamwe tiyi. Mvetserani ngati kugunda kukubwera mwadongosolo. Mwa achinyamata kumafulumirako pokoka mpweya ndi kuchedwako potulutsa, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Dziwaninso kuti makina a bipi ndi mawotchi a pamkono amatha kunama. Mtima ukamaponya kugunda kowonjezera kofooka pambuyo pa kugunda kulikonse, makina amatha kuwerenga kwamphamvu kokha, n'kuonetsa 40 pamene mtima ukugunda ka 80. Nambala yodabwitsa itsimikizeni ndi zala, ndipo ngati ikudabwitsabe, isiji ndiyo inganene zoona.

Kwa wothamanga, chothandiza kwambiri ndi kudziwa nambala yake ya masiku onse. Amene wakhala pa 45 kwa zaka zambiri, akuthamanga bwino, alibe chodera nkhawa. Akadzuka tsiku lina n'kupeza 58, mwina thupi latopa kapena malungo akuyamba, ndipo ndi bwino apume. Akasiya masewera kwa milungu kapena miyezi, nambalayo imakwera pang'onopang'ono, ndipo madokotala nthawi zina amagwiritsa ntchito kupumitsa kotereku kuti aone ngati kuchedwako kunali kwa masewera. Amene wakhala pa 70 moyo wake wonse n'kupezeka pa 45 popanda kusintha kachitidwe kake, kusinthako n'kofunika kukufufuza ngakhale asanamve chilichonse.

Gulu lovuta kuliweruza ndi la amene athamanga kapena kupalasa njinga kwa zaka 30 kapena 40, ndipo tsopano ali m'zaka za m'ma 60. Kafukufuku wa akatswiri akale a njinga ndi a mipikisano ina yaitali ku Ulaya waonetsa kuti anthu otere amapezeka ndi matenda a sainasi, komanso kagundidwe kosalongosoka ka zipinda zapamwamba, kawirikawiri kuposa anzawo a msinkhu womwewo, ndipo ena mwa iwo amadzafunika pesimeka. Izi sizikutanthauza kuti masewera ndi oipa, pakuti anthu omwewa amakhala moyo wautali ndi wathanzi kuposa ongokhala. Koma munthu wa zaka 62 amene mtima wake wakhala pa 45 kuyambira unyamata sangadalire mbiri yakeyo mpaka kalekale. Ngati pa chitunda chimene chaka chatha mtima unkafika 140 tsopano ukuima pa 95, miyendo ikulemera, ndipo akaimirira m'maso mukuda, apite akajambulidwe isiji, ndipo akamuuze dokotala manambala onse awiri, ya popuma ndi ya pachitunda.